Mphindi zisanu ndi zinayi zimene sindinaziwerengere

Ndalamazo zinali za achemwali anga, K60,000 imene anandisungitsa kuti Lolemba ndikalipire fizi ya mwana wawo. Ndinaibetcha Loweruka usiku pa masewera a basiketibolo a NBA, ndipo sindinabetche kuti timu iti ipambana. Ndinabetcha pa munthu mmodzi, wosewera wamtali wa pansi pa dengu, kuti atola maribaundi angati, kutanthauza mipira imene imabwerera wina akaponya n'kuphonya.

Pafoni panalembedwa Over 10.5 ndi Under 10.5, mbali zonse pa 1.90. Theka lija amaliikapo kuti pasakhale kufanana: akatola 11 apambana a Over, akatola 10 apambana a Under. Munthuyu chaka chimenecho ankatola pafupifupi 12 pa masewera alionse, ndipo timu imene ankakumana nayo inali yofooka kwambiri. Ndinaganiza kuti obetchetsa agona tulo. Ndinadina Over, mtima uli m'malo.

Chimene sindinafunse n'chakuti maribaundi 12 aja amawatola m'mphindi zingati. Masewera a NBA ndi a mphindi 48, makota anayi a mphindi 12, ndipo iye ankasewera pafupifupi 34. Ndiye kuti ribaundi imodzi pa mphindi zitatu zilizonse, kupitirirako pang'ono. Kuti afike pa 11 ankafunika kukhala m'bwalo mphindi 31 kapena kuposa. Akasewera 27 zokha, masamu omwewo amamuika pakati pa 9 ndi 10. Obetchetsa anali atawerengera kale zimenezi. Ankayembekeza kuti timu yake ipambana ndi mapointi ambiri, ndipo timu ikatsogola kwambiri, kochi amakhazika pabenchi osewera odalirika kota yonse yomaliza kuti apume. Kufooka kwa adani, kumene kunandipatsa mtima, n'kumene kunatsitsa nambala ija.

Masewera oyamba 7:30 madzulo ku New York mwezi wa Januwale kuno amakhala 2:30 usiku. Ndinakhala pakhonde, foni m'manja, kuti ndisadzutse a m'nyumba.

Pasanathe mphindi zisanu anali atachita mafaulo awiri. Ku NBA ukafika mafaulo sikisi watuluka, choncho makochi ambiri amachotsa msanga wosewera amene wachita awiri m'kota yoyamba. Anamukhazika pansi mpaka kota yachiwiri. Atabwerera ndinaona vuto lina, limene mpaka lero limandiwawa chifukwa linali poyera ndikanangofufuza. Wamtali wa timu inayo sankakonda kukhala pansi pa dengu, ankaima kutali n'kumaponya za mapointi atatu. Wanga anayenera kumulondola komweko. Mpira ukagunda chitsulo n'kubwerera, iye amakhala ali kutali, ndipo ankautola anali anzake aafupi. Ine ndinangoyang'ana kuti timuyo ndi yofooka, osayang'ana kuti munthu amene akamusunge amasewerera pati.

Kota yachitatu potha anali ndi maribaundi 8, timu yake ikutsogola ndi mapointi opitirira makumi awiri. Anavala jekete n'kukhala pabenchi, akucheza ndi anzake. Ndinaonera kota yonse yomaliza ndikupempherera timu yofooka ija kuti ichepetse mpata, kochi akakamizike kumubweza. Sizinatheke. Anamaliza atasewera mphindi 25.

Kunja kutacha ndinaimbira kampaniyo kufunsa ngati angandibwezere, poti munthuyo sanasewere mpaka kumapeto. Anandiuza kuti amabweza pokhapokha wosewera sanalowe n'komwe m'bwalo. Akangolowa, betchayo yagwira. Lamulo limeneli linandikumbutsa nkhani ya Jontay Porter wa timu ya Toronto Raptors, amene NBA inamuletsa kusewera moyo wake wonse mu Epulo 2024. Pa masewera a pa 20 Malichi chaka chimenecho anatuluka atangosewera mphindi zitatu, akunena kuti wadwala, anthu ena atabetcha kale Under pa iye. Achinyengowo ankadziwa bwino chimene ine ndinachinyalanyaza, kuti mapointi ndi maribaundi zimatsata mphindi.

Ngakhale 1.90 uja sindinamumvetse. Pa mtengo umenewo munthu ayenera kupambana maulendo 53 pa 100 kuti angobweza zake, ndipo ine ndinaika ndalama yonse pa ulendo umodzi.

Lamulungu masana ndinapita kwa achemwali. Ndinawapeza akuchapa yunifolomu ya mwanayo. Ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Achemwali, ndalama ija ndaiononga, ndinabetcha." Anapitiriza kuchapa kwa kanthawi osandiyang'ana, kenako anandifunsa kuti Lolemba mwana akanene chiyani kwa aphunzitsi. Ndinagulitsa foni ija tsiku lomwelo, koma inangokwana K45,000.