Thukuta langa silimva pafyumu

M'banja mwathu ena analandira nzeru, ena msinkhu, ine ndinalandira thukuta. Mwezi wa Juni ku Dedza, anthu atavala majuzi awiriawiri, ine malaya amakhala atanyowa kale m'khwapa. Za Okutobala ndiye musafunse. M'minibasi ndikatambasula mkono kuti ndipereke ndalama kwa kondakitala, woyandikana nane amatsegula windo mwakachetechete, ndipo kutchalitchi akati tikweze manja, ine ndimakweza mumtima.

Choncho pa nkhani ya zodzola m'khwapa mundimvere, pakuti ndalama zanga zathera kumeneko. Pa shelefu mabotolo amafanana, kampani imodzi, fungo limodzi, ndipo tonse timangoti roloni. Koma ina ndi diyodoranti, ina ndi antipesipiranti, ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Thukuta palokha silinunkha. Limene limatuluka pachipumi ndi kumsana ndi madzi ndi kamchere basi, ndipo ntchito yake n'kuziziritsa thupi. M'khwapa muli tiziwalo tinanso timene timayamba ntchito munthu akatha msinkhu. Timeneti timatulutsa thukuta lamafuta pang'ono, lomwe mabakiteriya apakhungu amalikonda. Akamadya amasiya zotsalira, ndipo zotsalirazo ndiye fungo limene limafika pamsonkhano mwini wake asanalowe. N'chifukwa chake mwana wa sitandade wani amatha kusewera mpira tsiku lonse osanunkha m'khwapa, pamene ine ndangoyenda kuchoka pakhomo kukafika pasiteji.

Diyodoranti imalimbana ndi fungolo. Muli mankhwala ochepetsa mabakiteriya, kawirikawiri sipiriti, ndi pafyumu wophimba zotsalazo. Thukuta siilikhudza n'komwe. Ukadzola umanyowa monga mwa masiku onse, kungoti ukunyowa monunkhira. Ndimu imene agogo anatiphunzitsa kupaka ili m'gulu lomweli: kuwawasa kwake kumasokoneza mabakiteriya, koma madzi amatulukabe, ndipo ukaipaka utangometa umavina gule wopanda ng'oma.

Antipesipiranti ndiye imapita pagwero. Muli mchere wa aluminiyamu umene umasungunuka m'kachinyezi ka pakhungu, n'kulowa m'timabowo totulukira thukuta, n'kuundana mmenemo. Zili ngati kutseka chigubu ndi chitsononkho. Chotsekeracho sichikhalitsa, chimachoka chokha khungu likamasuluka, n'chifukwa chake timadzolanso. Pamalo pakauma mabakiteriya amasowa chakudya, fungo limatsika, ndiponso zambiri mwa izi amaikamo kale pafyumu. Munthu wa thukuta lambiri yake ndi imeneyi. Wovutika ndi fungo lokha, malaya ali ouma, diyodoranti imukwanira, ndipo ndimamuchitira nsanje.

Pogula musanunkhize chivindikiro. Tembenuzani botolo, mufinye maso, muwerenge timalemba ta kumbuyo. Ngati pa zosakaniza pali aluminiyamu, imeneyo ndi yotseka thukuta. Ngati akudzitama kutsogolo kuti mulibe aluminiyamu, imeneyo ndi ya fungo chabe, ngakhale ajambulepo munthu akukwera phiri. Musayembekezenso zozizwitsa. Ku Amereka bungwe loona za mankhwala la FDA limalola dzina la antipesipiranti pa chinthu chochepetsa thukuta ndi 20 pa 100 alionse. Pa thukuta langa mukachotsa 20 pa 100, lotsalalo likhozabe kuthirira bedi la tomato.

Apa ndiye pamene mayi wina wa ku famasi anandikhazika pansi. Nditamufotokozera mavuto anga, anayang'ana malaya anga, n'kukankhira fani kumbali kwanga.

"Mumadzola nthawi yanji, bambo?"

"M'mawa ndikangosamba, mayi, monga munthu aliyense woleredwa bwino."

"Ndiye pamene mwasamba madzi otentha, mukuthamangira basi, thukuta layamba kale kutuluka. Mankhwalawo alowa bwanji pakhomo pamene anthu akutuluka? Amangokokoloka n'kupita m'malaya. Muzidzola usiku pogona."

Chifukwa chake n'chomveka. Usiku thupi lazizira, tiziwalo ta thukuta tapuma, ndipo mankhwala amapeza maola angapo oti alowe n'kuundana. M'mawa umasamba bwinobwino ndi sopo, chotsekeracho osachoka, pakuti chili m'kati mwa timabowo, osati pamwamba pa khungu. Chofunika n'chakuti m'khwapa mukhale mouma zenizeni. Ine ndimapukuta ndi thaulo, kenako ndimaima kutsogolo kwa fani manja ali m'mwamba. Magetsi akazima ndimakupiza ndi katoni. Ndikatero ndimadzola pang'ono, kungodutsitsa kawiri kapena katatu, n'kudikira kuti paume ndisanavale. Tsiku loyamba mayi akunyumba anandipeza ndili chiimire choncho.

"Abambo, usiku uno mukudzola roloni, mukupita kuti?"

"Kukagona."

"Kukagona kwa ndani?"

Mlanduwo unatha nditawawerengera za kumbuyo kwa botolo, ngakhale mpaka lero foni yanga amaiyang'ana mwa njira ina.

Roloni wamba wa m'sitolo akalephera patatha masabata angapo mukudzola usiku, pali zamphamvu zake ku famasi, za aluminiyamu kolorayidi, zina zofika 20 pa 100. Zimenezi si zoseweretsa. Umadzola usiku pakhungu louma, m'mawa n'kutsuka, usiku uliwonse mpaka thukuta litatsika, kenako kamodzi kapena kawiri pa sabata basi. Ukadzola ponyowa, mankhwalawo amasakanikirana ndi madzi n'kupanga asidi, ndipo m'khwapa mumayabwa, kufiira ndi kutentha. Ukangometa kumene uyenera kudikira tsiku lathunthu, ndipo pachilonda sipadzoledwa. Khungu likayamba kulusa, pumulani masiku angapo. Amene ali ndi matenda a impso ayambe afunsa adokotala, chifukwa impso zofooka zimavutika kuchotsa aluminiyamu m'thupi.

Mlamu wanga, amene amadziwa zonse kupatula kubweza ngongole, anandichenjeza kuti ndikatseka m'khwapa thukuta lidzabwerera m'kati n'kunditupitsa. Ayi ndithu. M'khwapa ndi kadera kakang'ono, ndipo thupi lonse lotsalalo limapitiriza kudziziziritsa. Umboni wake ndine: chipumi changa sichinamve n'komwe kuti kwabwera lamulo latsopano.

Pali thukuta lina limene botolo lililonse siliyenera kubisa. Langali ndi lachibadwa, linayamba ndili mnyamata, limatuluka mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo ndikagona limagonanso. Koma ngati layamba mwadzidzidzi muli wamkulu kale, kapena mukudzuka usiku zofunda zitanyowa, mukutsokomola, mukuwonda, thupi likutentha, mtima ukugunda mothamanga, pitani kuchipatala. Chifuwa chachikulu, shuga ndi matenda a chithokomiro zimabwera ndi thukuta, ndiponso mankhwala ena amene anthu amamwa.

Mtengo wa kuuma umalipiridwa ndi malaya oyera. Aluminiyamu akasakanikirana ndi thukuta amasiya chikasu m'khwapa mwa malaya, chouma gwa, chosamva sopo. Chimachepa ukamadzola pang'ono, kudikira kuti paume, ndi kuchapa malaya tsiku lomwelo m'malo mowaunjika pakona mpaka Loweruka. Malaya otuwa ndinawasiya kalekale, chifukwa dontho limodzi lokha amalengeza msika wonse. Pa kaunjika tsopano ndimasankha akuda kapena amaluwamaluwa, a thonje, ndipo wogulitsa akandiuza kuti nayiloni ndiye fasho, ndimangomukwezera mkono umodzi, iye n'kunditsitsira mtengo kuti ndichokepo msanga.