Ulova wandisandutsa wochonga mayeso

Mwamuna wosagwira ntchito akakwatira mphunzitsi wa Sitandade 8, asamayembekezere mpumulo. Ine ndimachonga mayeso osankha yankho, aja a A, B, C, D, ndipo malipiro anga ndi tiyi. Mayi a kunyumba amati ntchitoyi ndi yondiyenera chifukwa siifuna nzeru.

Taonani funso limene analemba pabolodi, ana n'kukopera m'makope: likulu la dziko lino linasamukira ku Lilongwe chaka chiti? A 1964, B 1966, C 1975, D 1994. Yankho ndi C. Mwana wina anazunguliza B, n'kumukhwatcha, n'kuzunguliza C, kenako D n'kumuikira kadontho ngati chikole, kuti zikavuta adzabwerereko.

"Mayi a Mphatso, uyu wavotera zipani zonse."

"Chokhwatcha chafa, bambo, kadontho si yankho. Chongani C."

Lamulo lawo ndi limenelo: chozunguliza chimene chatsala chosakhwatcha ndicho yankho. Zikatsala ziwiri zamoyo, palibe malikisi, ngakhale chimodzi chikhale cholondola. Ine mtima wachifundo umandivuta, poti nanenso pa nthawi yanga ndinkajambula mkombero waukulu pakati pa B ndi C, kuti aphunzitsi asankhe okha malinga ndi chikumbumtima chawo.

Koma si mtanda uliwonse umene ndi imfa. Pali ana amene posankha sazunguliza, amaika X pa lembo limene alikonda. Ukathamanga ndi bolopeni yofiira, umathetha mwana wanzeru tsamba lonse. Mankhwala ake ndi kuyang'ana kaye mafunso enawo. Ngati paliponse pali X mmodzi yekha popanda mkombero, ndiye kuti X ndiye chala chake cholozera.

Pensulo ili ndi milandu yakeyake. Wosowa labala amafufuta ndi chala cha malovu, mikombero iwiri n'kutsala m'chimtambo chakuda. Apo ndimatembenuza tsamba n'kupapasa kumbuyo, poti wachiwiri mwana amaudinda mwamphamvu kuti uoneke. Mayi amati umenewo ndi uneneri, iwo amangomufunsa mwanayo mawa lake.

Chimene chimandidzutsa tulo kwenikweni ndi kukopera. Mwana wokhala kumbuyo, bolodi likunyezimira, amatha kusinthanitsa mizere: 1975 n'kukhala pa B, 1966 pa C. Akazunguliza B wakhoza, pomwe kapepala kanga ka mayankho kakukuwa kuti C. Ndiye pa kope lokopera pamanja sumawerenga lembo lokha, umawerenganso zimene zalembedwa pambali pake. Mwana wotere mayi amamupatsa malikisi ake, n'kumusamutsira kutsogolo.

Ena, atakhwatcha zonse, amalemba yankho m'mphepete ndi zilembo zazing'ono, "a" wa khosi lalitali amene ndi "d" kwa amene akufuna "d". Ndinapereka maganizo akuti ana azilemba zilembo zazikulu. Mayi anavomera, n'kundionetsa kope limene ndinalembamo malikisi ndi dzanja langa, kuti ndiwauze ngati mwanayo wapeza 14 kapena 19. Ndinati ndiwerengenso kaye.