Mawu a Akulu Akoma Akagonera mu Foni

Uthenga umene kholo limatumiza kwa mwana wamkulu wosiya kuyankha foni umafotokozeka bwino ndi mwambi woti mawu a akulu akoma akagonera. Kale mwambiwu unkatanthauza kuti malangizo a wamkulu amawawa tsiku limene anenedwa, ndipo kukoma kwake kumadzamveka zinthu zitathina. Masiku ano kugonerako n'kwenikweni. Mawu amagona mu foni ya mwana usiku umodzi, sabata, mwina mwezi wathunthu, ngati nyemba zoiwalika mumphika.

Vutoli si lachilendo. M'nthawi ya Wenela, mwamuna wopita ku migodi ya ku Joni n'kusiya kulemba makalata ankatchedwa mtchona, ndipo amake ankadzitonthoza kuti kalata yasochera ku positi. Chitonthozo chimenechi chinatha mu 2014, pamene WhatsApp inayamba kuonetsa kuti uthenga wawerengedwa. Mtchona wamakono amatchona kwawo akumuona.

Mayi wa ku Dedza amene mwana wake amagwira ntchito m'dimba la abwana ku Joni amayamba ndi kuimba, kenako kufulasha, mayunitsi akachepa. Zikakanika amajambula mawu. Uthenga woyamba umakhala wofatsa: "Mwanawe, uli bwanji kumeneko? Kuno mvula yayamba. Ukapeza mpata undiimbire." Wachiwiri umabwera patatha masiku atatu ndipo umalowetsamo thupi: mwendo wayambanso, tulo sitikubwera. Wachitatu ndiwo woopsa, chifukwa mayi amasiya kunena kuti iwe. Mwana amene anamusambitsa yekha amasanduka inu, n'kutchulidwa ndi mfunda wake: "A Phiri, pepani takuvutitsani. Timangofuna kudziwa ngati muli moyo." M'Chichewa ulemu wobwera mwadzidzidzi umapweteka kuposa mkwapulo. Wachinayi umakhala waufupi, wonena kuti za maliro adzamva kwa anthu.

Pa nthawi yonseyi mayi amakhala akuwerenga matiki, mothandizidwa ndi mdzukulu wa Fomu 2 amene wasanduka sing'anga wa pakhomopo. Tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka koma sunafike. Foni ingakhale yozima, yobedwa, yopanda bandulo, kapena mwini wake watseka nambalayo. Apa nkhawa ili ndi maziko, pakuti munthu wopanda mapepala akagwidwa ku South Africa angathe kupezeka ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kumene amasunga anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Matiki awiri otuwa amasonyeza kuti uthenga wafika mu foni. Awiri abuluu amasonyeza kuti watsegulidwa, ndipo pamenepo mantha amasanduka mkwiyo, chimene kwa thanzi la mayi ndi kupita patsogolo.

Matiki otuwa amanamiza, popeza mwana angathe kuzimitsa abuluuwo n'kumawerenga mwakachetechete. Koma kuzimitsako sikugwira ntchito m'magulu. Mdzukulu wodziwa ntchito yake amalemba moni m'gulu la banja, n'kuona mayina a amene awerenga. Umboni wina umadzibweretsa wokha: mwana wosowayo amaika chithunzi chatsopano ali pambali pa galimoto, kawirikawiri ya abwana, ndipo mudzi wonse umachiona.

Chifukwa cha chetecheteyu nthawi zambiri si chidani ayi. Ndi manyazi. Mwana analonjeza malata ndi matumba awiri a feteleza, ntchito inatha mwezi wathawo, lendi ya kachipinda ikumudikira, ndipo akudziwa kuti foni iliyonse yochokera ku +265 imayamba ndi mvula n'kuthera pa Mukuru. Kwa mwana wamkazi imathera pa funso loti mkamwini adzaoneka liti. Tsiku lililonse losayankha limakulitsa kupepesa kofunika, mpaka kupepesako kumalemera kuposa fetelezayo. Apa mwambi uja umalephera pang'ono: mawu ogonera nthawi yaitali chonchi sakoma, amasasa, ndipo mwana amaopa kuvundukula mphika.

Uthenga umene umayankhidwa msanga ndi wosatchula mwendo, maliro kapena mfunda. Umabwerera ku iwe, ndipo umachotseratu choopsacho: "Mwana wanga, sindikufuna ndalama. Ndingomva mawu ako basi." Uthenga wotere sugonera. Mwana amaimba usiku womwewo ndi mawu otsika, nafotokoza za ntchito, mayi nalira pang'ono, namuuza kuti kwawo n'kwawo, nsima sidzamusowa. Kukambirana kotereku kumayenda bwino kwa mphindi zinayi kapena zisanu. Kenako mayi amatsokomola, n'kunena kuti sakupempha ayi, akungomudziwitsa kuti feteleza wakweranso mtengo.