Ulesi Wanga Wapeza Njira ya Nambala 8

Mimba yanga yafika poti ndikaima sindionanso zala za kumapazi, ndiye akuchipatala andilamula kuti ndiziyenda kapena kuthamanga makilomita 5. Ine pomva mawu oti "kapena" ndinasankhiratu kuyenda. Malo ndinasankha bwalo lothamangiramo, chifukwa mulibe agalu, mulibe chitunda, komanso anthu amene ndili nawo ngongole safikako.

Bwalo lovomerezeka, longa lija lili mu Bingu National Stadium ku Lilongwe, ukalizungulira kamodzi wayenda mamita 400. Makilomita 5 ndi mamita 5,000, ndipo ukagawa ndi 400 upeza 12 ndi theka. Thekali ndi limene limasokoneza anthu. N'chifukwa chake othamanga mpikisano wa mamita 5,000 sayambira pamzere womalizira, koma tsidya lina la bwalo, poyambira a mamita 200. Amayamba adya thekalo, kenako n'kuzungulira ka 12 kathunthu. A mamita 10,000 awo ndi osavuta kuwerenga, kuzungulira ka 25, kungoti ine ndimamva chizungulire pongotchula.

Koma mamita 400 aja ndi a njira yoyamba yokha, ya m'kati mwenimweni, ndipo amayeza masentimita 30 kuchokera m'mphepete. Njira iliyonse ndi yotambalala mita imodzi ndi masentimita 22. Mowongoka muja njira zonse n'zofanana, koma mokhota wa kunja amazungulira patali. Njira yachiwiri ili ndi mamita 407, ndipo kuchokera apo njira iliyonse imawonjezera pafupifupi mamita 7.67, mpaka ya nambala 8 imene ili ndi mamita 453.

Apa m'pamene pali yankho la mkangano wa pabawo, woti pa mpikisano wa mamita 400 wina amamukondera pomuimika kutsogolo. Palibe chinyengo, abale. Wa njira ya nambala 8 amaima mamita 53 patsogolo pa wa njira yoyamba chifukwa ndiwo mamita owonjezera amene akumudikira mokhota. Pa mamita 200 amakhota kamodzi kokha, ndiye kusiyanako kumakhala theka. Amene akuoneka ngati wakonderedwayo ndiye ali pamavuto, chifukwa saona anzake mpaka atamupitirira.

Ine zimenezi ndinazilandira ngati uthenga wabwino. Ndinatenga foni n'kugawa 5,000 ndi 453, yankho n'kukhala 11 ndi kakang'ono pamwamba. Tamvani: 11 m'malo mwa 12 ndi theka! Ndinathamangira kunyumba, pa kabaza, kukauza mayi a ana kuti ndachotsera kuzungulira kumodzi ndi theka mwa nzeru zanga zokha.

Anandiyang'ana uku akusankha mpunga. "Bambo, mtunda wachepa kapena changochepa n'chiwerengero?"

Ndinawauza kuti nkhani za masamu n'zakuya. Zoona zake n'zoti miyendo imayendabe mamita 5,000 omwewo, koma munthu wa msinkhu wanga amalimbikitsidwa ndi nambala yaing'ono. Ndipo kunjako kuli ubwino wina. Njira za m'kati ndi za anyamata a liwiro, amene akamakudutsa amasiya mphepo ndi manyazi. Oyenda pansi ngati ine mwambo wake ndi kukhala kunja. Chenjezo n'loti ukakhala kunjako usawerengenso 12 ndi theka, chifukwa udzayenda mamita oposa 5,600, ndipo owonjezerawo palibe adzakuthokoze.

Vuto lalikulu ndi kuwerenga kwenikweniko. Akatswiri ali ndi anthu owawerengera, ndipo kukatsala kuzungulira kumodzi amawaimbira belu. Ine ndili ndi mutu wanga wokha, umene ukafika pa 6 umayamba kuganiza za lendi. Ukabwerera umafunsa kuti, kodi tili pa 6 kapena pa 7? Chodabwitsa n'choti sunayankhepo kuti 6. Zala nazo zilipo 10 basi, ndiye kuzungulira komalizako kumasowa mwini.

Mnzanga wina anandilangiza kuti ndiike timiyala 11 m'thumba la kumanja, ndipo ndikadutsa pamzere umene ndinayambira ndizisamutsira kamodzi kumanzere. Nzeru yabwino, koma ine ndinaikonza pang'ono: m'malo mwa miyala ndinatenga mtedza wokazinga, kuti ndikazungulira ndizidya kamodzi. Malinga ndi mtedzawo, makilomita 5 ndinawamaliza ndisanatuluke mokhota moyamba, liwiro limene ngakhale a ku Kenya ndi ku Ethiopia sanalifikepo.

Choncho inu amene mukufuna kuyesa, sankhani njira imodzi ndipo musaisinthe, gawani mtunda wanu ndi kutalika kwa njirayo, ndipo powerengera tengani zinthu zosadyeka. Mukandipeza ku nambala 8 nditaima, musandifunse kuti ndili pa chingati, pokhapokha ngati mwakonzeka kuvomereza yankho langa.