Nyumba imodzi, eni awiri, lendi ya K400,000

Pa benchi la ku tiyirumu ina pafupi ndi msika wa Nsungwi ku Eriya 25, mphunzitsi wina ankawerenga foni mokweza mawu, tiyi akuzizira. Amene ankawerengeredwa anali mkulu wina wa imvi yemwe kale ankagwira ntchito younika mabuku a ndalama. Ine ndinali pa benchi loyandikana, ndipo makutu alibe chitseko.

Mphunzitsiyo ndi mlamu wake wa ku Joni anagula nyumba yoti azichititsa lendi. Nyumbayo anaigula pa K36 miliyoni, ndipo K4 miliyoni inapita ku mapepala, penti ndi zitseko. Pa K40 miliyoni yonseyo mlamu anaponya K24 miliyoni, mphunzitsi K16 miliyoni. Tsopano mlamu anali atatumiza imelo yofotokoza kagawidwe, ndipo mphunzitsi sinamukomere.

“Tamvani izi, akulu,” anatero. “Akuti, ‘Alamu, gawo langa ndi 60 peresenti, lanu 40 peresenti, monga mwa ndalama zimene aliyense anaika.’ Nanga mapazi anga? Anasaka nyumba ndani? Akamadzagogoda alendi usiku kuti paipi yaphulika, adzagogoda ku Joni?”

“Pitirizani kaye, aphunzitsi,” anayankha mkuluyo. “Kalata simuiweruzira pa mzere woyamba.”

Mzere wachiwiri unayankhadi dandaulolo. Lendi ndi K400,000 pa mwezi, ndipo asanagawe chilichonse mphunzitsi azitapa K40,000, yomwe ndi 10 peresenti, ngati malipiro oyang'anira nyumba. Kenaka K60,000 izilowa m'thumba la nyumba, lolipirira msonkho wa kukhonsolo, lendi ya malo ndi zokonzakonza. Yotsala ndi K300,000, ndipo imeneyo ndiyo yogawana: K180,000 kwa mlamu, K120,000 kwa mphunzitsi. Kuphatikiza ndi malipiro aja, mphunzitsi azilandira K160,000.

Mkuluyo anagwedeza mutu movomereza. “Mlamu wanuyu walekanitsa thukuta ndi umwini, ndipo wachita bwino. Akanakuwonjezerani gawo chifukwa choyang'anira, tsiku limene mwasamutsidwira ku Karonga mukanayambana, chifukwa ntchito mwasiya koma gawo mukadali nalo. Apa mukachoka, K40,000 ija ipita kwa wina woyang'anira, 40 peresenti yanu osagwedezeka.”

Mayi wogulitsa tiyi, yemwe ankapukuta makapu, analowerera. “Koma K60,000 mwezi ndi mwezi kumangoisunga, aphunzitsi? Si bwenzi mukugawana yonse, vuto likabwera n'kusonkherana?”

“Mayi, kusonkherana kumeneko ndiye kumapha ubale,” anatero mkuluyo. “Ndalama ikalowa m'thumba la munthu yapeza kale ntchito. Denga likadontha mu Januwale, wina walipira fizi, wina wagula feteleza. Amene ali ndi ndalama tsiku limenelo amakonza yekha, ndipo kuyambira pamenepo amayamba kunena kuti nyumba yanga.”

Imeloyo inali itaganizira zimenezo, mpaka kupereka chitsanzo. Tinene kuti malata afunika kusintha pa K1.5 miliyoni, pamene m'thumba muli K600,000 ya miyezi khumi. Yoperewera ndi K900,000, ndipo aisonkha monga mwa magawo awo: mlamu K540,000, mphunzitsi K360,000. Wina akalephera kupeza yake, mnzake amulipirire, koma imeneyo ndi ngongole yobwezedwa kuchokera ku lendi ya miyezi yotsatira. Gawo la umwini silisintha. Mphunzitsi anawerengera pa zala: atalephera iye, K120,000 yake ya miyezi itatu ipita kwa mlamu, mwezi wachinayi ayambiranso kulandira.

Panalinso malire a mphamvu za woyang'anira. Chokonza chosaposa K100,000, monga loko, mpopi kapena kuitana pulambala, mphunzitsi achite yekha n'kutumiza chithunzi cha lisiti. Chikaposa pamenepo, afunse kaye ndipo yankho libwere lolembedwa. Magetsi ndi madzi ndi za wokhala m'nyumba. Mwezi umene nyumba ili yopanda munthu palibe wolandira kanthu, ngakhale woyang'anira, ndipo mlonda alipidwe kuchokera m'thumba lija. Msonkho wa ku MRA aliyense aziona pa gawo lake.

Apa mphunzitsi anaseka koyamba. “Koma tamvani iyi. ‘Wachibale aliyense, wa kwanu kapena wa kwathu, akafuna kukhalamo, alipire lendi yonse ngati munthu wina aliyense.’”

“Imeneyo ailembe ndi zilembo zikuluzikulu,” anatero mayi uja. “Mphwanu akalowamo kuti angokhala kaye miyezi iwiri, mudzamutulutsa ndi maliro.”

Mfundo imene inatenga nthawi inali ya marandi. Mlamu amatumiza marandi, koma analemba yekha kuti zonse ziwerengedwe m'makwacha, pa mtengo wa tsiku limene ndalamayo inafika. Mphunzitsi sanaone chachilendo, mpaka mkuluyo atamukumbutsa kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. “Popanda mzere umenewo, kwacha ikadzagwanso mlamu wanu akhoza kunena kuti marandi ake aja lero ndi makwacha ochuluka, choncho gawo lake likwere. Wadzitsekera yekha khomo limenelo. Munthu wofuna kukudyerani salemba zotere.”

“Ndiye ndingoyankha kuti ndavomera?”

“Ayi, dikirani. Pa pepala la umwini wa nyumba palembedwa chiyani?”

Mphunzitsi anakanda mutu. Mapepala anali akuyendabe, ndipo iye ankangodziwa kuti maina onse awiri adzakhalapo.

Mkuluyo anasuntha kapu yake n'kufotokoza pang'onopang'ono. Imelo si mphepo, anatero, chifukwa lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limazindikira uthenga wotere, ndipo ungathe kukhala umboni wa zimene munagwirizana. Koma umwini wa malo umaoneka m'kaundula wa malo. Kumeneko anthu awiri angalembedwe m'njira ziwiri. Njira yoyamba, onse ali ndi nyumba yonse pamodzi popanda magawo, ndipo mmodzi akamwalira nyumba imatsala kwa wamoyoyo. Njira yachiwiri, aliyense ali ndi gawo lake lotchulidwa, ndipo akamwalira gawolo limalowa m'chuma chake chamasiye.

“Mukalembetsa njira yoyamba osadziwa, inu n'kutsogola, ana anu adzaima panja ndi imelo m'manja, nyumba ili ya mlamu. Muuzeni loya kuti mukufuna njira yachiwiri, ndipo 60 ndi 40 zioneke pa pepalapo.”

Mayi uja anasiya kupukuta. Mphunzitsi anabwereza kuwerenga imelo yonse, ndipo za imfa munalibe. Munalibenso za tsiku limene wina adzafune kutuluka. Mkuluyo anamulembetsa pomwepo: wofuna kugulitsa gawo lake ayambe wauza mnzake, amupatse miyezi itatu yopezera ndalama, ndipo mtengo autchule katswiri woyesa mitengo ya nyumba amene onse awiri amuvomereza. Anawonjezera kuti lendi izilowa mu akaunti ya kubanki ya nyumbayo, osati pa nambala ya foni ya mphunzitsi, pomwe ingasakanikirane ndi ya ndiwo.

“Koma alamu sadzaona ngati ndikuwakayikira?” anafunsa mphunzitsi.

“Anayamba kulemba ndi iwo. Inu mukungomaliza.”

Ambiri timagula zinthu limodzi ndi abale pongodalira mawu a pafoni, ndipo timadzafunsana za magawo denga litadontha kale kapena maliro atachitika. Ngati muli ndi nyumba ya awiri, lemberanani mwezi uno, onse muli moyo ndipo mukulankhulana: ndani anaika zingati, chichoke n'chiyani musanagawane, ndipo wina akafuna kutuluka kapena akamwalira zidzayenda bwanji. Mukatero, kaoneni ngati pepala la umwini likunena zomwezo.