Chala changa chikufuna alawansi

Minibasi ya pa Chintheche yandikwezera mtengo kawiri pa ulendo umodzi. Pokwera ku Mzuzu kondakitala anatchula mtengo wina, koma titafika pa Mpamba anatembenuka n'kunena kuti mafuta akwera tili m'njira. Ndinafunsa kuti wamva bwanji, poti wailesi ya m'galimotomo inafa kalekale. Anati iye amangomva m'thupi. Sindinalimbane naye. Chigwereni kwacha ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, pamene akuluakulu anatiuza kuti sinagwe koma angoikhazika pamalo pake, ndinaphunzira kuti munthu wa kaokala ngati ine satsutsana ndi odziwa zachuma, kaya avala taye kaya apachikika pachitseko cha minibasi.

Ndinafika pa Bandawe matumba atapepuka, n'kupeza ophunzira awiri a ku yunivesite akundithera kondowole pansi pa mtengo wa mango. Wina ndi mwana wanga, amene amaphunzira ku Zomba. Wina ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa pa yunivesite ya Mzuzu. Ndi asuweni, ndiye satha kupatsana ngakhale mchere osayamba atsutsana. Kuno sukulu inafika mu 1881 ndi Dotolo Laws, ndipo chiyambire pamenepo Mtonga sanagonjepo pa mtsutso. Amangopita kukagona.

Tsiku limenelo nkhani inali yakuti boma liike lamulo loti aliyense azivota, wosavota azilipa chindapusa.

Apa ndiyenera kukudziwitsani wantchito wanga. Ndi chala changa chamkombaphala. Chinalembedwa ntchito pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, ndipo sichinajombepo. Chaima pamzere padzuwa, chanyikidwa mu inki, chalowetsa anthu m'boma, ena chawatulutsa, ena chawabwezeramonso. Amene chinawalemba ntchito ali ndi magalimoto a matayala aakulu. Icho chilibe yunifolomu, chilibe penshoni, ndipo ku semina ya kunyanja sichinaitanidwepo ngakhale chimakhala kunyanja komweko. Nditamva kuti akukamba za ntchito yake, ndinakhala pansi kuti nacho chimve.

"Msuweni, tamvera," anatero Wakumzuzu. "Mu 2000 kunali chisankho cha makhansala. Anavota ndi anthu 14 okha mwa anthu 100 alionse olembetsa. Khansala woteroyo akuimira ndani? Akuimira azakhali ake. Ku Australia anaona zomwezi. Mu 1922 ovota sanafike 60 mwa 100. Anaika lamulo mu 1924, ndipo chaka chotsatira anapitirira 90. Mpaka lero ali pomwepo, ndi chindapusa cha madola 20 basi."

"Madola 20 a munthu wa ku Australia ndi ndalama ya tiyi," anayankha Wakuzomba. "Agogo a ku Kande ukawatchaja zingati? Chinangwa?"

"Nkhani si kukula kwa chindapusa. Taona mmene kampeni imayendera kuno. Wandale amadziwa kuti ambiri atha kukhala kunyumba, ndiye ndalama zake zimathera pa kutulutsa anthu ake: lole, nsalu, kanganyase m'manja usiku. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zoterezi, koma kwa ndani? Aliyense atakhala kuti abwera ndithu, kugula mapazi a anthu kutha ntchito. Azifunika kunyengerera mitu, ndi ya achinyamata yomwe, ndi ya asodzi amene sapita kumisonkhano."

Chala changa chinagwedezeka pang'ono pomva za kanganyase. Kwa zaka zonsezi chimangomva mbiri. Nthawi zonse akamagawa, ine ndimakhala nditapita kukapikula sopo.

Mtsikanayo anawonjeza kuti kwa azunguwo amavota Loweruka, ndipo pamalo ovotera amaotcha masoseji. Ndinafunsa ngati ndi aulere. Anati amagulitsa. Ndinakhazika chala pansi.

"Komanso atsibweni," anatembenukira kwa ine, "m'mudzi muno maliro akagwa, mwamuna wosapita kukakumba manda amfumu amamutani?"

Ndinati amamulipitsa nkhuku.

"Ndiye alipo amene amati amfumu aphwanya ufulu wake? Ntchito ya tonse ndi ya tonse. Orton Chirwa, mwana wa boma lino la Nkhata Bay, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, miyezi yochepa riferendamu isanachitike. Ndiye wina azigona tsiku lovota ati dzuwa lachuluka?"

Ndinaona ngati mwana wanga wagwa nayo, ndipo ndinayamba kuwerengera fizi imene ndataya. Koma anapukuta m'manja, n'kundiyang'ana.

"Adada, auzeni za khadi."

Sindinafune, koma ndinawauza. Nthawi ya chipani chimodzi, wopanda khadi la chipani samalowa mumsika, samakwera basi. A yufi amaima pachipata. Mayi woyembekezera nthawi zina amagula awiri, lina la amene ali m'mimba. Misonkhano imadzaza mpaka m'mitengo. Munthu wobwera akanaona chikhamucho akanati palibe dziko lokonda ndale ngati lino.

"Ndi zimenezo," anatero mnyamatayo. "Chimene anafera a Chirwa ndi chakuti munthu azitha kunena kuti ayi. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko likuti kuvota ndi ufulu. Ufulu umene ukapanda kuugwiritsa ntchito wapolisi akupeza, umenewo ndi msonkho."

"Ayi msuweni, usasokoneze. Khadi linali la chipani chimodzi. Apa zipani zilipo zambirimbiri, ndipo voti ndi yachinsinsi. Lamulo lingokukakamiza kufika. Ukalowa m'kachipinda, jambula nsomba papepalapo ngati onse akunyansa."

"Ndiye boma liwononge ndalama kuti liwerenge nsomba?"

Apa onse anaseka, ine ndinapezerapo mpata wokoka mbale ya usipa. Koma zimene ananena kenako zinandiimitsa dzanja m'malere, chifukwa anayamba masamu, ndipo masamu ndi okhawo amene wa okala amamva.

Anati titenge chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Tinauzidwa kuti anavota ndi anthu pafupifupi 76 mwa 100 alionse, ndipo tonse tinaomba m'manja. Koma 76 ameneyo amawerengera pa olembetsa okha, amene anali 7.2 miliyoni. Ndiye kuti ovota anali cha m'ma 5.5 miliyoni. Pomwe a kalembera ankayembekezera anthu a msinkhu wovota pafupifupi 10.9 miliyoni. Chotsani 7.2 pa 10.9, mutsala ndi 3.7 miliyoni amene sanalowe n'komwe m'kaundula. Olembetsa koma osavota ndi 1.7 miliyoni chabe. Dzenje lalikulu lili pa kalembera, pamene munthu amafunika chiphaso cha unzika, ndipo chiphasocho aliyense wa ife akudziwa mmene chimachedwera.

"Tsono chindapusa chako chigwera ndani?" anafunsa. "Boma lingalipitse munthu amene lili ndi dzina lake. Amene sanalembetse silimudziwa. Ndiye wochenjera aphunzirapo chiyani? Osalembetsa. Ku Chile zinachitika ndendende. Kulembetsa kunali kwa kufuna kwako, koma ukalembetsa kuvota kunali kokakamiza. Achinyamata anangosiya kulembetsa, kaundula n'kumakalamba ndi eni ake, mpaka anasintha lamulo mu 2012."

Wakumzuzu sanagwe mphwayi. Anati amalize nkhaniyo, asaidule pakati. Atachotsa chikakamizo ku Chile, ovota anatsika mpaka osafika theka. Anachibwezera mu 2022, pamene aliyense anali akulowa yekha m'kaundula popanda kukaima pamzere, ndipo ovota anapitirira 85 mwa 100.

"Eya," anatero mnzakeyo. "Anayamba akonza kaundula. Iwe ukufuna kuyamba ndi chikwapu."

Anatchulanso za iwo eni. Wophunzira amene analembetsa kusukulu, tsiku lovota likamupeza ali kumudzi, ndipo sanasamutse dzina pa nthawi yake, ndiye kuti akwere minibasi ija ya mitengo iwiri. Msodzi amene watsatira usipa kutali ndi kwawo, mayi amene akudikirira wodwala kuchipatala, mnyamata wa kuno amene ali ku Joni monga anachitira agogo ake: onsewa ndi olakwa? Mtsikanayo anati lamulo likhoza kukhululukira a zifukwa zomveka, monga amachitira ku Australia. Mnyamatayo anafunsa kuti kalata yopepesa ya anthu 1.7 miliyoni adzawerenga ndani, ndipo wowerengayo adzafuna zingati kuti aimvetse msanga.

Chala changa chinapempha kulankhula, ndipo poti chilibe pakamwa ndinachiyankhulira. Ndinati mu Meyi 2019 chinagwira ntchito yake bwinobwino, ena n'kubwera ndi utoto woyera wofufutira uja kudzakonza zimene chinalemba. Khoti linafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, chala n'kuitanidwanso pa 23 Juni. Ntchito imodzi kugwira kawiri, ovataimu osaiona. Sichinadandaule. Chinapita chokha, wopanda wochiopseza ndi chindapusa.

Ndipo apa ndisaseke. Malamulo athu a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo asanathe zaka zisanu ngati sakuwatumikira. Aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwirepo ndi munthu mmodzi yemwe. Nyumba yomweyo ndi imene ingakhale pansi kupanga lamulo lolipitsa mayi wa ku Tukombo chifukwa sanapite kukaisankha. Anthu a kuno si aulesi pa voti. Mu 1999 anatuluka oposa 90 mwa 100 popanda wowakakamiza. Amene wasiya kupita wawerengera, waona kuti amene anamutuma ku Lilongwe sangamufunse kanthu mpaka zaka zisanu zitatha. Bwezerani gawo 64, munthu alandire chiphaso chake osayenda maulendo, kenako mubwere tikambe za nkhuku.

Ndinayembekezera kuti aombe m'manja. Wakumzuzu anangoti mfundo ya atsibweni ndi yabwino koma siyankha funso la mtsutso. Wakuzomba anati adada alowetsa nkhani ina. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anagwirizana.

Kenako anati popeza ndamva mbali zonse, ndivote kuti wapambana ndani. Ndinayang'ana mwana wanga, amene adzandiike m'manda. Ndinayang'ana mwana wa mchemwali wanga, amene mayi ake ndili nawo ngongole ya malata. Ndinati chala chili pa tchuthi, sindivota.

Anandilipitsa. Mtsikanayo anagamula kuti chindapusa ndi batala wamkulu wa madzulo ano, wogula ine. Ndinatembenukira kwa katswiri wa ufulu wonena kuti ayi, kuti anditeteze ndi gawo 40. Anati iye payekha akutsutsa chigamulocho ndi mtima wake wonse, koma nsombayo ikhale yootcha.