Khodi ya Pachala ndi ya Mphepo

Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ankanena za fodya wofwenkha, koma mwambiwu ukumukwana bwino mnyamata amene wangofika ku Mangalande kukaphunzira, wagula laputopu yatsopano, walemba pasiwedi ya imelo molondola, kenako akuuzidwa kuti khodi ya manambala sikisi yatumizidwa ku nambala yoyamba ndi +265. Simu khadi ya nambalayo ili m'chikwama, ili zii. Romingi sanatsegulitse ponyamuka. Ndipo simu ikakhala miyezi osaikamo mayunitsi kapena kuimba, kampani imaitseka, mwinanso n'kupereka nambalayo kwa munthu wina. Ndiye kuti khodi yako ikulandiridwa ndi wogulitsa tomato ku Lizulu, amene akudabwa kuti Google ikumufuna chiyani.

Ochenjera amasiya simu kumudzi m'kafoni ka mabatani. Nzeru yake ndi yabwino mpaka tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito.

"Amayi, tandiwerengereni manambala abwera pafonipo."

"Iwe mwanawe, moni unamusiya pabwalo la ndege? Wadzuka bwanji? Ukudya koma?"

Pofika pomaliza za chisanu, za mvula ndi za mbuzi ya a malume, magalasi apezeka, manambala awerengedwa, koma khodi yafa kalekale, poti zambiri zimakhala mphindi zochepa chabe. Komanso amene wasunga simuyo wasunga kiyi wa akaunti zako, ndipo kafoniko amaseweretsa ndi adzukulu.

Fodya wa pamphuno ndi apu ngati Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator. Poilumikiza ndi akaunti, umajambula chizindikiro cha QR, ndipo foni imasunga chinsinsi chimene chili m'menemo. Kuyambira pamenepo imaphatikiza chinsinsicho ndi nthawi n'kutulutsa manambala sikisi atsopano pa masekondi 30 alionse. Palibe chimene chikutumizidwa kuchokera kwina, ndiye simu, bando kapena netiweki sizikufunika. Ngakhale m'ndege khodi imatuluka.

Vuto ndi lakuti pofuna kutsegula njirayi uyenera kulowa kaye mu akaunti, ndipo pakhomo akufunsa khodi ya pa SMS yomwe ija. Choncho ntchitoyi ndi yogwira usananyamuke, simu ikadali moyo. Pa Google umapita pa Security, kenako 2-Step Verification, n'kuwonjezera apuyo. Pomwepo pali Backup codes: makhodi 10 a manambala eyiti, iliyonse yogwira kamodzi kokha. Alembe papepala n'kuika pamodzi ndi pasipoti. Ena amawasunga mu imelo yomweyo imene akuopa kutsekeredwa kunja, nzeru yokhomera kiyi m'nyumba.

Pali msampha umodzi umene umakola anthu aukhondo okonda kukonza zinthu okha. Mnyamata wathu wafika mu Januwale, pamene nthawi ya ku London ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Lilongwe. Foni ikuti 10 koloko, wotchi ya pakhoma ikuti 8 koloko. Iye abweza wotchi ya foni ndi dzanja, chigawo cha nthawi n'kuchisiya cha kwawo. Pamaso zonse zili bwino, koma apu imawerengera nthawi ya dziko lonse ya UTC, ndipo foniyo tsopano yasokera ndi maola awiri. Khodi iliyonse ikukanidwa. Chizindikiro chake n'chakuti maakaunti onse akukana nthawi imodzi, pamene pasiwedi ikulandiridwa. Mankhwala ake ndi kulowa pa Date & time n'kulola foni kudziikira yokha nthawi ndi chigawo. A ku Joni msamphawu suwakhudza, poti wotchi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi.

Mphuno nayo imatha kubedwa. Foni ikatayika, apu yapita nayo, pokhapokha ngati unasamutsira maakaunti pa foni ina, unalola apuyo kuwasunga pa intaneti, kapena uli ndi kapepala kaja. WhatsApp nayo imapusitsa: imagwirabe pa Wi-Fi ndi nambala yakufa, mpaka tsiku losintha foni pamene imafuna kutumiza khodi ku nambalayo. Gwiritsa ntchito Change number ukangopeza simu yakonko, foni yakale ikadali m'manja.

Otsala ndi mabanki, amene ambiri amakakamirabe SMS. Pamenepo palibe kuchitira mwina: upite kunthambi usanakwere ndege, ufunse ngati angatumize khodi pa imelo kapena ku nambala yakunja, utsegulitse romingi, ndipo simu yakwanu uiike m'foni ya masimu awiri n'kumaidyetsa timayunitsi mwezi ndi mwezi. Deta ya romingi yokha uzimitse, apo ayi mayunitsiwo atha usanatenge n'katundu yemwe.